Mawu akuti "alinso nzika"

Ophunzira zamalamulo ambiri mu Zimbabwe amalidziwa dzina la tauni yathu chifukwa cha mlandu umodzi, wa Chegutu Municipality ndi Manyora, wa 1996. Mu mlanduwo Jaji McNally wa Khoti la Suprimu ananena kuti kumasulira lamulo kulibe matsenga: mawu amawerengedwa m'tanthauzo lake la masiku onse, pamalo pamene alembedwa, pokhapokha ngati kutero kukubala zopanda nzeru. Ine ndinakulira ku Pfupajena, pakati pa ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasalandi kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ya ku Chakari ndi Eiffel Flats, ndi kufakitale ya nsalu ya David Whitehead. Kwa ife nkhani ya kumasulira lamulo inafika pakhomo mu 2001, ndipo inagona pa mawu awiri.

Oweruza ali ndi njira zitatu zakale. Yoyamba ndi ya mawu momwe alili: werengani zimene zalembedwa, musawonjezepo. Yachiwiri amaitcha ya golide, ndipo gwero lake lodziwika ndi mlandu wa Grey ndi Pearson wa ku Mangalande mu 1857: tsatani mawu, koma akakufikitsani pa chinthu chopusa chimene Nyumba ya Malamulo sikanafuna, apindeni pang'ono basi. Yachitatu ndi ya vuto, yochokera ku mlandu wa Heydon wa 1584: funsani kuti lamulo lakale linali ndi bowo lanji, ndipo latsopanoli linabwera kudzatseka chiyani.

Lamulo la unzika la 1984 linaletsa munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Anthu ankalemba fomu ya boma la Zimbabwe yokana unzika winawo, ndipo mu 2000, pa mlandu wa Carr, Khoti la Suprimu linati fomuyo ndi yokwanira ngakhale dziko linalo likadamuwerengabe munthuyo ngati wake. Nyumba ya Malamulo inasintha gawo 9(7) mu Julayi 2001. Tsopano linati nzika ya Zimbabwe imene pa tsikulo "ilinso nzika" ya dziko lina idzataya unzika wa Zimbabwe pakatha miyezi 6, pokhapokha itakana unzika winawo motsata malamulo a dziko linalo. Tsiku lomaliza linali 6 Januwale 2002. Mkulu wa kalembera, a Tobaiwa Mudede, anawerenga mawuwo mokulitsa: aliyense amene kholo lake linabadwira kunja, ndipo angathe kupempha unzika kumeneko, naye akane.

Tiyerekeze bambo wobadwira ku Hartley, dzina lakale la Chegutu, mu 1970. Bambo ake anabadwira ku Dedza. Iye sanapondeko ku Malawi, ndipo Chishona amachilankhula bwino kuposa Chichewa.

Njira ya mawu momwe alili imafunsa funso limodzi: kodi mu Julayi 2001 munthuyu anali nzika ya Malawi? Yankho lili m'lamulo la unzika la Malawi la 1966. Lamulolo linkapereka unzika kwa mwana wobadwira kunja kudzera mwa kholo, koma linkati mwana wa maunzika awiri akafika zaka 22 asanakane unzika winawo, wa Malawi umatha wokha. Bambo wathuyu anakwanitsa zaka 22 mu 1992. Pamene lamulo la Zimbabwe linkasinthidwa, panali patatha zaka 9 iye asali Mmalawi. Mawu akuti "alinso" sakumukhudza, chifukwa kukhala nzika n'kosiyana ndi kukhala ndi mwayi wopempha unzika. Khoti Lalikulu ku Harare linagamula motero mu 2002, pa mlandu wa Tsvangirai ndi mkulu wa kalembera.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga amene amati njira ya mawu momwe alili ndi youma mtima, ndipo yachifundo ndi yofufuza cholinga. Pa nkhani iyi amene anathawa mawu ndi mwini mphamvu. Wogwira ntchito papulazi ankatetezedwa ndi mneni mmodzi wolembedwa pa pepala, ndipo ankangofuna munthu woti awerenge mneniyo mokhulupirika.

Tisinthe chinthu chimodzi. Bamboyu ali ndi mng'ono wake wobadwa mu 1981. Mu Julayi 2001 mnyamatayo anali ndi zaka 20: wamkulu kale mu Zimbabwe, kumene ukulu umayamba pa 18, koma asanafike 22, kotero Malawi ikadamuwerengabe ngati nzika yake, ngakhale iye sankadziwa. Mawu omwe aja amene anapulumutsa mkulu wake akumugwira iyeyo. Abale a mimba imodzi, nyumba imodzi, wina Mzimbabwe, wina mlendo.

Kodi njira ya golide ingamuthandize? Ambiri amaganiza kuti inde, chifukwa zotsatirazo n'zowawa. Koma chowawa ndi chopusa n'zosiyana pamaso pa khoti. Kuyambira pa mlandu wa Venter wa ku Transvaal mu 1907, makhoti a kuno kum'mwera amafuna kupusa koonekeratu, koti Nyumba ya Malamulo sikanakuganizira n'komwe. Ulendo wa ku Harare, mzere wautali ku ofesi ya kazembe ndi ndalama zolipira ndi mtolo wolemera, koma lamulo lingathe kusenzetsa munthu mtolo mwadala. Mayi Judith Todd, mwana wa a Garfield Todd amene anabadwira ku New Zealand, anapambana ku Khoti Lalikulu, koma mu 2003 Khoti la Suprimu linati ali ndi unzika wa New Zealand kudzera mwa bambo awo, ngakhale sanaupemphepo, ndipo ayenera kuukana. Njira ya golide ikanagwira ntchito mnyamata wathuyu atasonyeza kuti lamulo likumuuza kuchita chosatheka. Kumene imalowa bwino ndi pa kawerengedwe ka mkulu wa kalembera kaja, chifukwa kuuza munthu kuti akane chinthu chimene alibe ndiko kupusa kwenikweni.

Njira ya vuto ndiyo imandichititsa mantha pang'ono, chifukwa yankho lake limadalira amene akutchula vutolo. Mukalitchula mosamala, vuto ndi bowo la mlandu wa Carr: anthu amene analemba fomu ya Zimbabwe koma n'kukhalabe nzika za kwina. Bambo wa 1970 sali m'bowolo, ndipo njirayi ikugwirizana ndi mawu. Mng'ono wake ali pamalire: mapasipoti awiri analibe, koma maunzika awiri anali nawo. Koma wina atati vuto ndi "anthu a mitima iwiri", ukonde umakula mpaka kukola komboni yonse. Chizindikiro choti njirayi yasokonekera n'chosavuta kuona: vuto limene likutchulidwa silikupezeka m'lamulo lakale kapena m'chigamulo chimene chinachititsa kusinthako, koma m'zolankhula za pamsonkhano wa ndale. Musaiwale kuti chisankho cha pulezidenti chinali mu Malichi 2002.

Pa mawindo a maofesi, kawerengedwe kokulitsa kaja ndi kamene kanagwira ntchito, ndipo anthu ambiri obadwira kuno anakhala ndi zitupa zolembedwa ALIEN. Chigamulo cha khoti chimathandiza amene wafika kukhoti, ndipo wa papulazi la ku Selous sankafikako. Mu 2003 Nyumba ya Malamulo inafewetsa zinthu kwa ana a anthu amene anabwera kudzagwira ntchito kuchokera m'mayiko a SADC, koma ankayenerabe kukalemba fomu. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, pa gawo 43(2), ndiwo anati wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanafalitsidwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala mu Zimbabwe pa tsikulo, ndi nzika mwa kubadwa. Abale awiri aja onse akulowamo, ngakhale aliyense ayenerabe kupita yekha kukasinthitsa chitupa.