Chithunzi cha pa sikelo

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni ku Limbe, ndipo pambali ndimagulitsako matchaja, mabatire ndi mapawabanki. Magetsi akayamba kuzimazima, pawabanki imayenda malonda kuposa china chilichonse pa benchi panga. Ndi nthawi yomweyonso pomwe katundu wa feki amachuluka.

Loweruka lina atcheya a bungwe lathu la ochita malonda anatiitanitsa. Ndi mayi wachikulire amene wakhala akukwera basi ya ku Dar es Salaam kuyambira ena a ife tili pa sukulu. Anaimirira atanyamula pawabanki kumanja, sikelo ya kukhitchini kumanzere.

“Abale anga,” anatero, “kale tinkapita tokha ku Kariakoo, katundu n'kumugwira ndi manja. Lero mukuoda pa WhatsApp, ndalama n'kutumiza musanaone katoni. Ndiye chithunzicho chikugwirireni ntchito. Chimene wakutumizirani yekha wogulitsa musachiwerengere. Itanitsani chanu.”

Anati choyamba wogulitsayo alembe dzina lako ndi tsiku papepala, aliike pambali pa katunduyo, ajambule. Wongotola zithunzi za anzake amayamba kuzemba pomwepo. Kenako ajambule kumbuyo kwa mabokosi atatu kapena anayi pamodzi, moyandikira. Nambala ya siliyo iyenera kusiyana pa bokosi lililonse. Ikakhala imodzimodzi, ndiye kuti wina anangosindikiza chomata chimodzi kambirimbiri. Za zilembo zophonyeka ndi inki yofufuma anangodutsapo, poti opanga feki masiku ano amasindikiza bwino.

Pomwe anakhazikika ndi pa sikelo, ndipo apa ndinatchera khutu chifukwa mkati mwa zinthuzi ndimo ndimagwira tsiku ndi tsiku. Mapawabanki ambiri amakhala ndi mabatire obulungira otchedwa 18650, mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Limodzi labwino limasunga pakati pa 2,000 ndi 3,500 mAh, ndipo limalemera pafupifupi magalamu 45. Atcheya anakweza yomwe inali m'manja mwawo, yolembedwa 50,000 mAh, nati tiwerengere limodzi. Ngakhale utatenga mabatire amphamvu kwambiri aja, pafunika 15 kuti ufike pa nambalayo. Amenewo okha ndi magalamu 675, osawerengera chikhokhombe. Ataiika pa sikelo inaonetsa 230.

“Ndiye muuzeni aiike pa sikelo, ajambule nambala ikuoneka. Ya 10,000 yeniyeni imasewera cha m'ma 200. Wina akakulonjezani 50,000 pa kulemera komweko, moto wotsalawo akuusunga pati?”

Ndinakweza mkono, chifukwa ine sikeloyo inandipusitsapo. Chaka chatha ndinaoda khumi ndi awiri kwa munthu wina, olembedwa 10,000 mAh, olemera bwino m'manja. Sabata isanathe, mayi wina wogulitsa tomato anabweza yake, akuti foni ikangofika theka pawabanki yazima. Nditaitsegula ndinapeza mabatire anayi, koma waya unawotchereredwa ku limodzi lokha. Atatu enawo mita sinawerenge kanthu, ndipo nditaboola limodzi munatuluka mchenga. Ndinabweza ndalama kwa onse amene anagula. Chimandiwawabe ndi choti mayi aja anandikhulupirira ine, osati bokosilo.

Atcheya anavomera. Anati sikelo imagwira wabodza amene katundu wake wapepuka, koma kulemera pakokha sikutsimikiza kanthu. N'chifukwa chake amafunanso chithunzi cha pawabanki ili pambali pa rula kapena bokosi la machesi: m'kanthu kosapitirira chikhatho simungalowe mabatire 15, ngakhale muthiridwe mchenga wochuluka bwanji. Ndipo zimene chithunzi sichingaone, anati, uzigule ndi ndalama zochepa. Oda imodzi kaye, katoni pambuyo.

Imodziyo ikafika, ine ndimaitchaja mpaka kudzaza, kenako n'kulumikiza foni ya batire la 5,000 mAh yomwe yatheratu. Pawabanki ya 10,000 yeniyeni simadzaza foni yotere kawiri, poti moto wina umatayika posintha mphamvu kupita ku mavoti 5. Imadzaza kamodzi n'kutsalako pang'ono, ndipo zimenezi ndimawauziratu makasitomala kuti asadzaiyese feki. Koma ikazima foni isanadzaze ngakhale kamodzi, ndimatenga sikuludiraiva n'kuitsegula.

Lolemba lotsatira ndinalembera wogulitsa wina watsopano kuti andijambulire pawabanki yake ya 30,000 ili pa sikelo. Anayankha kuti sikelo alibe. Ndinamuuza kuti akabwereke kwa ogulitsa mpunga, ndidikira. Mpaka lero chithunzicho sichinabwere, ndipo ndalama zija ndinaodera magalasi a mafoni.