Kwa mwana wanga amene akupita ku Zomba

Mua Mishoni, Dedza

Mwana wanga,

M'chikwama chako ndaikamo kope lachikuto cholimba. Usalembemo za m'kalasi. Limenelo ndi la mawu.

Zaka zonse zimene ndinachonga zimangirizo, ana ambiri sankalephera chifukwa chosowa mawu akuluakulu. Ankaphonya pokwatitsa mawuwo. Kuno kwathu mowa timafulula, nsomba timawamba, ng'oma timaimba, mfumu timailonga. Wina atati akuphika ng'oma ungaseke. Mawu a m'mayeso nawonso ali ndi anzawo oyenda nawo: mlandu amauzenga kenako n'kuugamula, lamulo amalikhazikitsa kapena kuliphwanya, mfundo amaitambasula, ganizo amalitsutsa, udindo amautula pansi.

Choncho usalembe liwu lokha m'kopemo. Ukakumana ndi dzina ngati "umboni", lilembe pakati pa tsamba, ndipo m'mbali mwake uike aneni ndi afotokozi amene wawaona nalo m'buku: kupereka umboni, umboni wokwanira, umboni ukusonyeza kuti. Pansi pake kopera chiganizo chonse chimene walipezamo. Mawu asanu pa sabata akwana. Loweruka uziphimba anzakewo ndi dzanja, uone ngati ungawatchule pamtima.

Tiyese ndi zakwathu. Akufunsa za mbiri ya Mua, iwe n'kulemba kuti, "Azungu anachita mishoni ndipo anachita zinthu zambiri zabwino." Mneni "kuchita" wabwera kawiri, ndipo sananene kanthu. Ukamuona akuchuluka pa pepala lako, dziwa kuti mneni woyenera wakuthawa. Konza chonchi: "Ansembe achikatolika anakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni, amene amasunga miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao." Aneni atatuwo aliyense wasenza katundu wake.

Usamale kwambiri ndi mawu onena za chifukwa. Kulemba kuti kudula mitengo m'phiri "kumachititsa" kuti madzi asefukire ku Mtakataka ndiye kuti wanena kuti chifukwa n'chimenecho basi. Ngati pali zifukwa zina, lemba kuti "kumathandizira". Wochonga wochenjera amayang'ana pamenepo.

Mayeso ako ambiri adzakhala m'Chingerezi, ndipo msampha uli apa. Ife timati mvula yamphamvu, eni Chingerezi amaitcha yolemera. Ife timatchera khutu, iwo chidwi amachita kulipira ngati ngongole. Ukamasulira liwu ndi liwu kuchokera m'mutu mwako, galamala ikhoza kukhala yolondola koma chiganizo n'kumveka chachilendo. Mtanthauziramawu uziwerenga zitsanzo zake, osati tanthauzo lokha. Liwu limene sunalionepo m'chiganizo cha wolemba wodziwa, usakaliyesere m'chipinda cha mayeso ayi, ngakhale likukoma bwanji m'kamwa.

Ukabwera pa tchuthi, kopelo ubwere nalo ndidzalione. Mayi ako akuti chiponde chili m'thumba la kumbali, usachigoneke.

Ndine bambo ako.