Nsima Simadyedwa ndi Malayiki

Azakhali anga atatsegula lesitilanti yawo yaing'ono ku Area 25 mu Lilongwe, ntchito yoyang'anira tsamba la Facebook inagwera ine popanda kufunsidwa. Chifukwa chake chinali chakuti ndine amene ndimakhalira kugwira foni pakhomo. "Iwe ndiye umadziwa zimenezi," anatero, uku akumanga duku, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndinkaona ngati ndi zophweka. Ndikafika masana, ndinkajambula mbale iliyonse imene yandikopa maso, n'kulemba pansi pake kuti "Bwerani mudzadye zokoma", n'kuwonjezera timitima titatu. Malayiki ankabwera ndithu. Vuto linali lakuti ambiri anali a msuweni wanga wa ku Joni ndi anzanga a ku sekondale amene ali ku Mzuzu. Palibe ndi mmodzi yemwe akanabwera kudzagula nsima.

Madzulo ena, sabata yachiwiri, ndinawapeza azakhali atakhala pa mpando wapulasitiki akuyang'ana mphika wa nkhuku umene unali usanathe ngakhale theka. Ndalama yotsegulira malowa anakongola ku banki m'khonde, ndipo tsiku lobweza gawo loyamba linali litayandikira. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Mwanangu, anthu ako a pa foniwo amadya kuti?"

Usiku umenewo ndinawerenganso makapishoni anga onse, timawu tija timalemba pansi pa chithunzi. Ndinadziyerekeza kukhala munthu wa njala amene ali pa ntchito chapafupi. Sindinapeze mtengo paliponse. Sindinapeze nthawi imene chakudya chimapsa, ngakhale njira yofikira pamalopo. Komanso ndinkaposita cha m'ma 1 koloko masana, pamene munthu wasankha kale kokadya, mwinanso akusamba m'manja.

M'mawa mwake ndinatenga kope la masamu lakale ndi rula, n'kukakhala kukhitchini. Ndinajambula mizere isanu ndi iwiri yopingasa, umodzi wa tsiku lililonse, ndi magawo asanu otsika: tsiku, chakudya, cholinga, chithunzi, nthawi yoposita. Kalendala yake inali yomweyo basi. Gawo la chakudya sindinalembe ndekha. Ndinawafunsa azakhali kuti amaphika chiyani tsiku liti, ndipo chifukwa chiyani. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti nkhuku zachikuda amagula Lachiwiri madzulo, kuti mang'ina amafuna maola ambiri pa mbaula moti amawakwanitsa Lachisanu lokha, ndi kuti Lolemba anthu amabwera ochepa chifukwa m'matumba mumakhala mutapepuka ndi za kumapeto a sabata. Zonsezi ndinali ndisanazifunsepo, chonsecho ndinkadzitcha woyendetsa tsamba.

Gawo la cholinga ndi limene linandivuta kwambiri. Ndinadziikira lamulo lakuti tsiku lililonse likhale ndi ntchito imodzi yokha, yolembedwa m'mawu osapitirira anayi. Lolemba: adziwe chotsika mtengo. Lachiwiri: adziwe njira. Lachitatu: nkhuku ithe. Lachinayi: aode pa foni. Lachisanu: mang'ina athe. Loweruka: abwere ndi banja. Lamulungu, popeza timatseka: adziwe za mawa. Cholinga chikalembedwa chonchi, kapishoni imakhala ngati yadzilemba kale theka, chifukwa umadziwa choika ndi chosiya.

Ndipereke chitsanzo cha Lachitatu. Poyamba ndinalemba kuti: "Takonzeka kukulandirani ndi manja awiri pamalo athu aukhondo, pomwe mudzapeza zakudya zosiyanasiyana zophikidwa mwaluso." Nditawawerengera azakhali anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Zosiyanasiyanazo ndi ziti? Ine ndaphika nkhuku." Ankanena zoona. Komanso pa foni, Facebook imadula mawu aatali n'kuika See more, ndipo munthu wa bandulo yochepa sadina pamenepo kuti apeze mtengo. Choncho mzere woyamba uyenera kunyamula dzina la chakudya ndi mtengo wake. Ndinalembanso motere:

"Lero nkhuku yachikuda, nsima ndi nkhwani wotendera, K7,000. Ipsa 12 koloko. Taphika mbale 20 zokha. Lembani pa WhatsApp kuti tikusungireni."

M'mawu ochepawa muli zinthu zinayi: chakudya, mtengo, nthawi, ndi chimene wowerenga achite. Nambala ya mbale sinali yongokopera anthu. Nkhuku zinayi zimene amagula zimatulutsadi mbale 20, kudula zidutswa zisanu iliyonse. Ukanama pa nambala yotere, kasitomala akabwera 3 koloko n'kupeza mphika uli wodzaza, mawa sakhulupiriranso.

Masiku enawo ndinatsata njira yomweyo. Lolemba ndinaika nsima ya nyemba ndi mpiru, K3,500 ili kumayambiriro kwenikweni, chifukwa uthenga wa tsikulo unali mtengowo. Lachiwiri sindinajambule chakudya n'komwe. Ndinaima pa siteji ya minibasi n'kujambula kanjira kolowera kwathu, kenako khomo lathu lobiriwira, ndipo kapishoni inafotokoza pamene munthu atsikire, mbali imene akhotere, ndi kuti ndi mtunda wa mphindi zitatu wapansi. Kwathu kuno munthu sapeza malo ndi nambala ya puloti. Amapeza ndi chizindikiro: chigayo, mtengo wa mango, shopu ya simenti. Lachinayi ndinafotokoza kuti oda ifike isanakwane 11 koloko, kuti kulipira ndi pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi kuti wa kabaza amalipidwa padera ndi wogula. Mfundo yomalizayi azakhali anaumirira kuti ilembedwe, chifukwa anali atakanganapo kale ndi kasitomala pa nkhani yomweyo.

Nthawi yoposita ndinaisankha poona mmene njala imayendera. Za chakudya chamasana zinkapita hafu pasiti 10 m'mawa. Apa panabuka vuto: nthawi imeneyo ndiwo zimakhala zikadali pa moto, ndiye chithunzi chichokera kuti? Yankho linali m'gawo lachinayi la kope lija. Sabata yonse ndisanayambe kugwiritsa ntchito kalendala, ndinkajambula mbale yoyamba ya tsiku lililonse pafupi ndi windo, pomwe kuwala kwa dzuwa kumalowa, n'kusunga. Chithunzi cha nkhuku ya Lachitatu lapitalo chinagwira ntchito Lachitatu lotsatira. Ndinangoonetsetsa kuti mbaleyo ndi yofanana ndi imene kasitomala alandiredi, osati yodzaza mwachionetsero.

Lamulungu masana, titabwera ku tchalitchi, ndinakhala pansi maola awiri n'kulemba makapishoni onse asanu ndi awiri. A pa Facebook ndinawaika mu Meta Business Suite, momwe umatha kusankha tsiku ndi ola loti positi ituluke yokha. A pa sitetasi ya WhatsApp ndinkaika pamanja m'mawa uliwonse, popeza sitetasi imafufutika pakatha maola 24. Ndinagona ndikudziona ngati katswiri.

Lachisanu ndi limene linandichotsa matama. Hafu pasiti 10 positi inatuluka yokha monga ndinaiuzira: mang'ina lero, apsa 12 koloko. Ine ndinali m'tauni pa zina. Sindinadziwe kuti dzulo lake azakhali sanapeze mang'ina ku butchala, ndipo anaphika zam'kati m'malo mwake. Iwo sanaganize zondiuza, inenso sindinafunse. Abambo atatu anabwera limodzi, ataona positi ija, atayenda pa dzuwa la masana. Awiri anabwerera osadya. Wachitatu anadya zam'katizo, koma analemba pansi pa chithunzi kuti, "Musamatinamize."

Ndinafuna kufufuta ndemangayo. Azakhali anakana. "Wanena bodza? Muyankhe bwinobwino." Ndinapepesa pomwepo poyera, ndinafotokoza zimene zinachitika, ndipo ndinasintha kapishoni. Kenako ndinatenga rula n'kuwonjezera gawo lachisanu ndi chimodzi m'kope muja, lolembedwa kuti "Zatsimikizika?" Kuyambira tsiku limenelo, 9 koloko m'mawa uliwonse ndimaimba foni kapena kulowa kukhitchini n'kufunsa kuti, "Azakhali, zili pa moto ndi zomwe zija?" Akavomera ndimachonga, positi n'kupita. Ndinalembanso kapishoni imodzi yapadera ya nsima ya nyemba ndi mazira, zinthu zimene sizisowa, yoti ilowe m'malo tsiku limene msika watikhumudwitsa.

Chinatsala n'kudziwa ngati zonsezi zikuthandiza. Malayiki anali atandinamiza kale, choncho ndinapempha mtsikana amene amalandira ndalama kuti azifunsa nkhope iliyonse yachilendo kuti, "Mwamva kuti za ife?" ndipo aziika kamzere kuseri kwa kope. Sabata itatha, timizere tambiri tinali pa mawu akuti "sitetasi" ndi "mnzanga anandiuza". Ta Facebook tinali tochepa. Positi imene inalandira malayiki ochepa kuposa onse, ya kanjira ndi khomo lobiriwira ija, ndi imene anthu ankatumizirana, ndipo ena anafika akuyang'ana chithunzicho pa foni. Ya Loweruka, imene ndinaikongoletsa kwambiri ndi nkhani ya mabanja, sinabweretse banja ngakhale limodzi. Titaganiza bwino tinaona chifukwa chake: makasitomala athu ndi anthu ogwira ntchito chapafupi, ndipo Loweruka amakhala kwawo. Sabata yotsatira mzere wa Loweruka unasintha kukhala wa zophikira anthu a zinkhoswe ndi misonkhano, ndipo oda yoyamba ya mtundu umenewo inabwera patapita masiku angapo.

Sindinena kuti kope langa ndi limene linabweza ngongole ya banki m'khonde. Inabwezedwa ndi nkhuku ya azakhali, imene munthu akailawa amabweranso. Koma Lachitatu la sabata yachitatu, cha m'ma 2 koloko, ndinalemba kwa nthawi yoyamba kapishoni imene sinali pa kalendala: "Nkhuku yatha. Mawa kuli usipa ndi chigwada." Azakhali anaima kumbuyo kwanga akupukuta manja pa chitenje, anawerenga pa foniyo, n'kunena kuti, "Waiwala mtengo." Ndinauikamo.