Tikiti yotchipa ya amayi

Ndimagwira ntchito pa ofesi ina yothandiza amalonda mapepala a katundu pano pa boda ya Mwanza. Tsiku lonse ndimawerenga timalemba ting'onoting'ono ta m'mafomu a anthu ena, ndipo ndimadzitama kuti palibe chondiphonya. Ndiye achemwali anga atachira ku Cape Town, n'kuitanitsa amayi kuti akawathandize mwana, banja lonse linangoyang'ana ine. Wapita kuyunivesite ndi ine, foni yabwino ili ndi ine.

Pulani inali yosavuta. Amayi akwere basi pano, adutse Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka Park Station ku Joni. Kumeneko msuweni wanga awalandire, awaperekeze ku bwalo la ndege la OR Tambo. Kuchoka Joni kupita ku Cape Town pa basi ndi usiku wina wathunthu ndi kachidutswa ka tsiku, pomwe pa ndege ndi maola awiri okha. Miyendo ya amayi imatupa akakhalitsa pansi, ndiye tinagwirizana za ndege.

Pafoni panatuluka mitengo iwiri ya ndege imodzimodziyo, ola limodzimodzilo. Wina unalembedwa Basic, marandi 890. Wina Standard, marandi 1,340. Ndinaseka. Mpando womwewo, woyendetsa yemweyo, kukatera nthawi imodzi, ndiye marandi 450 apamwambawo ndi a chiyani? Ndalamazo zinali za manachesi a amayi a chaka chonse, kuwonjezerapo zomwe achemwali anatumiza. Ndinadina yotchipayo, ndipo kabokosi kovomereza malamulo ndinakachonga osatsegula. Ndinasankhanso ndege ya madzulo a tsiku lomwelo lomwe basi imayenera kufika masana.

"Zatheka, mwanangu?"

"Zatheka amayi, ndakupulumutsiraninso ndalama."

Basi inaima pa Beitbridge kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kufika pamutu. Ine wa pa boda ndimayenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Pano pa Mwanza ndimaona mabasi akutsitsa katundu yense pansi, wokwera mmodzi akasowa chidindo anthu makumi asanu n'kumudikira. Basi yodutsa malire atatu ilibe ola. Amayi anandiimbira pa foni ya mayi wina amene anakhala naye pafupi, mawu ali pansipansi, kuti sanawolokebe. Apa m'pamene ndinatsegula malamulo aja.

Zimene ndinapeza n'zakuti tikiti yotchipa ndi ulendo womwewo, koma atachotsamo zinthu. Mayina amasiyana malinga ndi kampani: ena amati Basic, ena Lite kapena Light, ena Saver. Ku Amereka, Delta inayamba kugulitsa Basic Economy mu 2012, United ndi American n'kutsatira mu 2017, pofuna kuti mtengo wawo uzioneka wotsika poyerekeza ndi wa makampani a ndege zotchipa. Mtengo woyamba umakukoka kuti ulowe, zotsalazo uzigula chimodzichimodzi.

Choyamba chomwe anachotsa pa tikiti ya amayi chinali ufulu wosintha tsiku. Kusintha kunali kotheka, koma ndi malipiro awiri osiyana, ndipo ambirife timangodziwa amodzi. Pali chindapusa cha kusinthako, chomwe chinali marandi 350. Palinso kusiyana kwa mtengo. Tikiti yomwe ndinagula milungu itatu m'mbuyomo pa 890, ya mawa lake inali itakwera kufika 1,690, chifukwa mipando yotchipa imakhala yowerengeka ndipo imatha tsiku likamayandikira. Ndiye panali marandi 800 ena.

Ndinaganiza zongoitaya n'kubwezeredwa ndalama. Pamenepo panali mawu akuti non-refundable, kutanthauza kuti ukasiya ulendo ndalama sibwerera m'thumba. Munsi mwake munali ena oopsa kwambiri, no-show. Ndege ikanyamuka iwe usanasinthe kanthu, tikiti yafa yonse. Makampani ambiri, ngati unagula yopita ndi yobwerera pamodzi, amafafanizanso yobwererayo. Chinandipulumutsa ndi foni ya mayi uja: ndinadziwa kudakali maola angapo, ndinabwereka ndalama kwa mnzanga wa kuntchito, ndinasintha ndege isananyamuke. Amayi anagona kwa msuweni.

Chachiwiri ndinachiphonya ngakhale ndinali ndi malamulo m'manja, maso anali pa tsiku basi. Mmawa mwake msuweni anaimba ali pa kauntala.

"Aphiri, tikiti iyi ilibe chikwama. Mwatani kodi?"

Tikiti ya Basic imalola kachikwama ka m'manja kokha, kosapitirira makilo 7. Amayi anali ndi chikwama chachikulu cha makilo 19, chodzaza zitenje, tizovala ta mwana ndi tina ta kumudzi toti mwana wawo wamkazi alawe. Mmalawi wopita kukaona mdzukulu sangayende ndi makilo 7. Chikwamacho ndikanachilipira pafoni chikanakhala marandi 300, koma pa kauntala anati 450. Msuweni analipira, ndipo mpaka lero akandiimbira amayamba ndi kufunsa ngati ndili ndi chikwama.

Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi cholembera. 890, kuphatikiza 350, kuphatikiza 800, kuphatikiza 450: marandi 2,490. Kenako ndinawerengera ya Standard ija. Inali ndi chikwama cha makilo 20 kale, komanso kusintha tsiku kopanda chindapusa. Koma kusiyana kwa mtengo ndikanalipirabe, pakuti ya mawa lake inali 2,140, kutanthauza 800 yomweyo pamwamba pa 1,340. Zonse pamodzi 2,140. Ndiye yodula ija ikanakhala yotchipa ndi marandi 350, koma sikanandipulumutsa kotheratu. Mawu akuti kusintha n'kwaulere nthawi zambiri amangochotsa chindapusa, sakuimitsira mtengo. Marandi 800 aja sanadyedwe ndi mtundu wa tikiti. Anadyedwa ndi ine, amene ndinalumikiza basi ya masiku awiri ndi ndege ya tsiku lomwelo. Basi ndi ndege ndi makampani awiri osadziwana, ndipo wa ndege alibe nazo ntchito kuti pa Beitbridge panali mzere.

Sindikunena kuti yotchipa ndi msampha nthawi zonse. Ine ndekha, ndi kachikwama ka kumsana, nditagona kale mu Joni dzulo lake, ndingaigule mosakayika. Koma pano ndisanadine ndimafunsa kaye: wokwerayo anyamula chiyani, ndipo pakati pa iye ndi bwalo la ndege pali boda zingati? Ngati pali chikwama chachikulu, ndimawonjezera mtengo wake pa yotchipayo ndisanayerekeze. Kwa amayi zikanakhala 1,190 poyerekeza ndi 1,340. Kusiyana kwenikweni kunali marandi 150 okha, osati 450 amene ndinadzitama nawo.

Chachitatu ndinachimva amayi atabwerako. Pa tikiti ija mpando susankha pokhapokha utalipira, makina amangokuika pomwe patsala. Anawaika chakumbuyo, pakati pa azibambo awiri. Za ndalama sanandifunsepo n'kamodzi komwe. Tinali pakhonde tikusenda manachesi, akundiuza za mdzukulu, kenako anati:

"Koma achemwali ako amati ndege ikamatera umaona phiri lija ndi nyanja. Ine ndinangoona phewa la munthu."

Anaseka, ine ndinasekanso pang'ono. Mwana akuyamba kuyenda tsopano, ndipo akuti Disembala amayi apitenso. Ndayamba kale kusunga, ndipo pa kapepala ndalemba zitatu: chikwama, kugona tsiku limodzi ku Joni, mpando wa pa windo.