Sitolo yopanda khoma

Ndili mwana, wogulitsa makope pa Thuchila ankaitana wolemba zikwangwani. Munthuyo ankabwera ndi zitini za penti, n'kujambula pakhoma la golosale pensulo yaitali ngati mzati ndi kope lotsegula. Chithunzicho chinkakhala zaka mpaka mvula itachifufuta.

Lero mphwanga amagulitsa mabolopeni, maenvelopu ndi marimu a mapepala a A4 kwa aphunzitsi ndi maofesi a ku Luchenza ndi ku Chonde, koma alibe khoma loti n'kupentapo. Katundu amakapikula ku Limbe, amatsatsa pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndalama zimalowa pa Airtel Money kapena Mpamba. Poyamba ankayala katunduyo pansalu, n'kukwera pampando kuti ajambule ndi foni kuchokera pamwamba, koma mthunzi wa dzanja lake unkagwera pamakope. Mapulogalamu opanga zithunzi kuchokera pa mawu, monga Midjourney, atatchuka mu 2022, ntchitoyi inasanduka yolemba. Iye amalemba chonchi:

```
flat lay, top-down view, open laptop, three exercise books, blue pens, ruler, cup of black coffee, light wooden desk, soft window light from left, empty space on right --no text, logo --ar 4:5
```

Mawu oyambirirawo ndi amene alowa m'malo mwa mpando uja. Ukawasiya, tebulo limatuluka lojambulidwa cham'mbali, ndipo umadziwira pa kapu: m'malo moona mkombero wathunthu wa khofi, umaona thupi la kapuyo. Kutchula mbali yomwe kuwala kukuchokera kumathandiza kuti mithunzi yonse igwere kumodzi. Malo opanda kanthu kumanja ndi olembapo mitengo ndi nambala ya foni pambuyo pake, ndipo muyezo wa 4:5 umadzaza bwino foni yoimika. Zolemba amaziletsa chifukwa pulogalamu ikasiyidwa, imaika pachikuto cha kope zilembo zopotoka zosawerengeka. Akatero amakuzabe chithunzicho n'kuyang'ana mabatani a laputopu ndi manambala a pa rula, poti m'menemo ndi momwe bodza limabisala.

Za khofizo ine zimandiseketsa. Kuno ku Mulanje ndi kwa tiyi, ndipo mphunzitsi wogula choko samwa khofi pa desiki. Mphwangayo amati khofi amapatsa chithunzi fungo la ofesi ya m'tauni. Ndamusiya, malonda ndi ake.

Pomwe sindimusiya ndi pa katundu. Wapenti akakometsa pensulo, wogula ankalowa n'kuona yeniyeni pashelefu. Wogula wa pa foni amalipira asanagwire, choncho mabolopeni a m'chithunzi akakhala agolide pomwe m'katoni muli apulasitiki, mkangano umabwera pa tsiku lolandira. Laputopu nayo inavuta: anthu ankafunsa mtengo wake, iye sagulitsa. Tsopano amawonjezera `laptop partly cropped at top edge` kuti ingooneka theka kumtunda, makope akhale pakati, ndipo chithunzi chenicheni cha katundu amachitumiza chachiwiri.