Makina a alamu anga olira kenako nkuzima

Mvula ikakhazikika mu Januwale, udzu wa kuno kunyanja umakula ngati wathiridwa feteleza. Kale unali wa chikwakwa ndi ana operewera chilango, koma masiku ano kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa mumamva timakina totchetchera udzu tikulira ngati njuchi. Ndipo pali matenda amodzi amene timakinati timadwala chaka ndi chaka: mukakoka chingwe tilira bwinobwino, koma musanawerenge mpaka khumi tazima.

Alamu anga ali nako kamodzi. Amatchetcha m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ndipo fizi ya mwana wawo wa Folomu 3 imachokera momwemo. Chaka chino kanayamba matendawa ntchito ya masiku anayi atalandira kale theka la ndalama. Wina anali atawauza kuti injini yatha, akagule ina ku Lilongwe. Anabwera nako kwa ine poti ndimaphunzitsa sayansi, ngati kuti choko chimakonza injini.

Ndinawafunsa kaye kuti, "Alamu, kakumatenga nthawi yaitali bwanji kasanazime?" Funsoli ndi lothandiza kuposa sipanala. Injini ikalira ngakhale pang'ono, ndiye kuti moto wa pulagi ulipo ndipo pisitoni ikupanikiza mpweya. Chimene chikuchitika nchakuti timafuta timene mwapopa ndi chala pa kabaluni kaja tapsa, ena osabwera. Ikamazima patapita mphindi zingapo, nkumveka "psii" mukatsegula chivindikiro cha thanki, vuto ndi kabowo kolowetsa mpweya mu thanki. Ikamazima ndi utsi wambiri pulagi ili yonyowa, yakhuta mafuta, ndipo muyambe ndi sefa ya mpweya. Ka alamu kamazima nthawi yomweyo akangochotsa tchoko, pulagi ili youma. Imeneyo ndi njala.

Mafuta a mu thanki anali achikasu, onunkha ngati vanishi. Anali a mu Juni chaka chatha, pamene udzu unauma iwo nkukoleka makinawo m'khitchini. Titawathira m'botolo loonekera, pansi panakhala kamzere ka madzi.

Apa pali nkhani yathuyathu ya boma lino. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanolo kuchokera mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumutcheza kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Muyeso wake wakhala ukusintha pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100 alionse. M'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe chodandaula. Koma ethanolo amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo inu mukudziwa mmene mpweya wa kunyanja umakhalira nthawi ya dzinja, mchere umene umasungunuka m'mbale. Opanga timakina totere ambiri amalemba kuti ethanolo asapitirire magawo 10, komanso kuti mafuta osakaniza kale asakhale kupitirira mwezi. A alamu anakhala miyezi isanu ndi iwiri.

Nanga kasakanizidwe? Injini izi zilibe malo akeake a oyilo ngati galimoto. Oyilo amayenda limodzi ndi petulo, ndiye amene amafewetsa pisitoni. Makina odula ndalama zambiri amafuna 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi. Ambiri otchipa ochokera ku China amalemba 25:1, mamililita 40 pa lita, ndipo ka alamu ndi kotero. Iwo amathira "pang'ono", poyeza ndi maso. Tsiku lina pang'onoyo amachuluka, lina amachepa. Oyilo akachuluka mumangovutika ndi utsi ndi mwaye pa pulagi ndi mu ekizozi. Akachepa pisitoni imakalika, ndipo pamenepo wa ku Lilongwe uja amakhala wanena zoona. Sirinji ya mamililita 20 ya ku famase imathetsa mkangano wonsewu.

Oyilo wakenso anali wopempha kwa asodzi. Sindiwada, poti kuno oyilo wopezeka msanga ndi wa injini za maboti, wolembedwa TC-W3. Koma injini ya boti imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja, pamene iyi imadalira mphepo yokha ndipo imatentha kwambiri. Imafuna 2T wa injini zoziziritsidwa ndi mpweya. Komabe sindikunena kuti oyiloyo ndiye amazimitsa makinawo. Zoipa zake zimaoneka patapita nthawi.

Tinawedza sefa ya mafuta ndi kawaya kopinda ngati mbedza. Imakhala kunsonga kwa kapaipi mkati mwa thanki. Inali yabulauni, yomata, ndipo poiuzira mpweya sumadutsa. Tinaika yatsopano, mafuta atsopano oyezedwa bwino, nkukoka. Kanalira nthawi yotalikirapo, alamu nkuyamba kumwetulira, koma atafinya moto kanatsamwa nkuzima.

Zinatsala ndi kabuleta. Tinapita nayo kwa mkulu wina wokonza injini za maboti pafupi ndi doko, amene manja ake sanjenjemera pa tizitsulo ting'onoting'ono. Anayala nsalu yoyera pa benchi, nati, "Aphunzitsi, muzingoyang'ana, musagwire."

Kabuleta ya njinga yamoto ili ndi kambale kosungira mafuta, nchifukwa chake njinga ikagwa mafuta amatayika. Makina otchetchera ndi ochekera mitengo amagwira ntchito atapendekeka kapena atazondoka, choncho m'malo mwa kambale muli timapepala tiwiri ta labala, tomwe amakaniko amati dayafulamu. Koyamba ndi pampu. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, mpweya wa pansi pake umakakankha ndi kukakoka, iko nkumayamwa mafuta ku thanki. Kachiwiri ndi mlonda wa pakhomo. Injini ikamwa mafuta, iko kamabonyokera mkati nkukankha kachitsulo kamene kamatukula singano kuti ena alowe. Kuyenda kwake nkochepa zedi, ndiye kakangouma pang'ono singano situkuka mokwanira.

Mkuluyo anachotsa kachiwiriko nkukapinda pafupi ndi khutu langa. Kanalira ngati tsamba louma la chimanga. Katsopano sikamveka, kamagona pa chala ngati nsalu yonyowa. Anandionetsanso kasefa ka waya kakang'ono ngati njere ya mphodza, kobisika mbali ya pampu, katadzaza zinyalala zofiira.

Chimene ndinachita nacho chidwi ndi dongosolo lobwezera. Mbali ya pampu, dayafulamu ndiyo imagona pa thupi la kabuleta, gasiketi pamwamba pake. Mbali ya singano nzosemphana: gasiketi imayamba, dayafulamu nkubwera pambuyo, kachitsulo kake kozungulira katayang'ana mkati. Iye anati makina ambiri amene amamupeza atalephereka kwina amakhala kuti zida nzatsopano koma anazisemphanitsa pamenepa. Timasikuluwu tolembedwa L ndi H sanatikhudze nkomwe. Anthu amathamangira kutipotokola, koma ngati injini imayenda bwino chaka chatha tili pomwepo, sitinasunthe tokha. Ndipo kutseka H mopitirira kumaliritsa injini mokoma kwa kanthawi uku pisitoni ikupsa.

Asanamange anamasula ekizozi nkusuzumira pa bowo ndi tochi ya foni. Pisitoni inali yosalala, yopanda mikwingwirima. Anatokosamonso ndi waya, poti mavu amakonda kumanga dothi m'bowo la ekizozi makina akakhalitsa pakhoma, ndipo injini yotsekeka kotulukira utsi nayonso imalira nkuzima.

Kanalira pa kukoka kwachitatu ndipo sikanazime. Mkuluyo anawauza alamu kuti, "Bambo, mu Juni mukamaliza ntchito mukhuthule thanki, muliritse mpaka izime yokha, ndiye mukoleke." Dayafulamu ija ndinaipempha. Ili m'kabati ya ku labu, ndipo a Folomu 3 akafika pa mutu wa kupanikiza kwa mpweya adzaipinda aliyense pa khutu lake.