Sofa ya M'nyumba ya Ana ndi Alendo

Kwathu tili ndi ana anayi, wamng'ono akukwawa, ndipo sabata silitha osalandira alendo. Tsono ndikamaona masofa akuluakulu pa mashedi a amisiri m'mbali mwa msewu, funso langa loyamba silikhala la mtengo ayi. Ndimafunsa kuti sofayo ikalowa pabalaza, pansi patsala malo otani.

Balaza lathu ndi la mamita 4 m'litali ndi mamita 3 ndi theka m'lifupi, monga nyumba zambiri za kuno kunyanja. Seti yathunthu imakhala ndi sofa ya anthu atatu, ya awiri ndi ya mmodzi, ndipo iliyonse imadya pafupifupi masentimita 90 kuchokera kukhoma. Mukaika ziwiri moyang'anizana, pakati pamatsala masentimita 170. Muikepo tebulo la masentimita 60, mbali iliyonse patsala 55 basi, poti mayi wonyamula beseni la madzi osamba m'manja adutse chammbali. Mwakhazika anthu asanu ndi mmodzi, koma mwapha malo oyala mkeka. Nanga tsiku la Idi, abale akabwera khumi ndi awiri, enawo akhala pati?

Ife tinasankha sofa imodzi ya anthu atatu ndi mipando iwiri yamatabwa yopepuka, yoti mwana wamkulu angathe kuitulutsa pakhonde. Pansi panatsala masentimita 260, ndipo timayala mikeka iwiri. Akuluakulu odwala mawondo amakhala pamwamba, ena tonse pansi, ndipo nthawi ya swala ikakwana sitikankha chilichonse cholemera.

Poyeza, munthu mmodzi mumuwerengere masentimita 55 mpaka 60. Yang'ananinso potsamira mikono. Amisiri amakonda kupanga mikono yonenepa ya masentimita 25 mbali iliyonse, ndiye kuti theka la mita, pafupifupi malo a munthu, lapita pachabe. Ndinauza mmisiri kuti ayike ya masentimita 10, sofa yonse inakwana 190. Musaiwale khomo: makomo ambiri ndi a masentimita 80 kapena kuposerapo pang'ono, choncho miyendo ikhale yomasula. Ikhalenso yotalika masentimita 12 kapena 15 kuti tsache lidzilowa, pakuti kunsi kwa sofa yogunda pansi ndi kumene nyenyeswa za mandasi zimaitanira mphemvu.

Nkhani yaikulu ili pa nsalu. Rekisini amakopa chifukwa amapukutika ndi kansanza, koma yesani kukhalapo masana a mwezi wa Okutobala ku Mangochi kapena ku Nkhotakota. Amamata pakhungu ndi thukuta, ndipo kutentha kumamuumitsa mpaka kung'aluka ndi kusendeka. Akayamba kusendeka, zala za ana zimamaliza ntchitoyo. Veleveti ndi wokongola ndithu, koma amasunga fumbi, ndipo phala likaumirapo silichoka osasiya chipsera.

Chimene ndimakhulupirira ine ndi nsalu yolukidwa mothinana, ya poliyesita wosakaniza ndi thonje, ya mtundu wapakatikati monga wa khofi, yokhala ndi timaluwa kapena timizere tobisa madontho. Yoyera imaulula chala chilichonse, yakuda bii imaonetsa fumbi ndi mkaka. Kusitolo pemphani kachidutswa. Kayang'anitseni kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa ngati sefa, nsaluyo sichedwa kutha. Kakandeni ndi chikhadabo, muone ngati ulusi ukusolotoka. Kenaka kapukuteni ndi kansalu koyera konyowa. Utoto ukatsalira pakansaluko, dziwani kuti udzatsaliranso pa mkanjo woyera wa mlendo wanu.

Koma choposa mtundu wa nsalu ndi chakuti makhushoni akhale ochotseka, zovundikira zake zikhale za zipi. Mwana akakodzera sofa yokhomerera nsalu ndi misomali, mkodzo umalowa m'siponji. Pamwamba mupukuta, pauma, koma nyengo ya dzinja ikafika fungo limabwerera, ndipo mtima sukhazikika kukhala pamenepo ndi zovala zoswalira, makamaka pakakhala chinyontho. Khushoni yochotseka mumavula chovundikira n'kuchapa ndi madzi ambiri. Ndinapempha telala kuti akute siponji iliyonse ndi nsalu yampira yosalowa madzi, yonga yoyala pamatiresi a ana, chovundikira chibwere pamwamba pake. Anasokanso zovundikira ziwiriziwiri, kuti china chikakhala pachingwe mlendo asapeze siponji yamaliseche. Ngati nsaluyo ili ndi thonje lambiri, ichapeni isanadulidwe, chifukwa imafupika ikachapidwa koyamba ndipo zipi imakana kutseka.

Siponji nayo muiyese. Ikanikizeni ndi chibakera: yabwino imalemera m'manja ndipo imabwerera msanga, yotchipa imasiya dzenje. M'nyumba ya ana odumphadumpha, yokhalapo isachepere masentimita 10 kuchindikala kwake.